Sewero la Ophunzira Chichewa: Kugula Ndiwo pa Msika wa Kasungu

Seweroli ndi la ophunzira amene adziwa kale malonje ndi kuwerenga ndalama, ndipo likufuna anthu atatu. Mmodzi akhale wogula, amene ndi mnyamata wongofika kumene ku Kasungu kudzagwira ntchito, wachiwiri akhale mayi wachikulire wogulitsa tomato ndi masamba, ndipo wachitatu akhale bambo wogulitsa usipa. Mitengo yalembedwa m'manambala, koma itchulidwe monga imamvekera pamsika: K500 ndi faifi handiredi, K1,000 ndi wani sauzande. Wogula asathamangire kufunsa mtengo asanapereke moni, chifukwa wogulitsa wopatsidwa ulemu ndiye savuta kuika basela.

Gawo loyamba: pa benchi la masamba

Wogula: Mwadzuka bwanji, amayi?

Wogulitsa: Ndadzuka bwino, mwananga, kaya inu mwadzuka bwanji?

Wogula: Inenso ndadzuka bwino, zikomo. Kodi malonda akuyenda?

Wogulitsa: Akuyenda pang'onopang'ono, chifukwa mwezi uli pakati ndipo anthu ambiri sanalandire malipiro. Ndikuthandizeni chiyani lero?

Wogula: Ndikufuna tomato. Mukugulitsa bwanji mulu umodzi?

Wogulitsa: Mulu waung'onowu ndi K500, pamene waukuluwo ndi K1,000.

Wogula: Ndipatseni milu iwiri yaing'ono, koma chonde mundisankhire tomato wosapsa kwambiri, popeza ndikufuna kuti andifikitse Lachisanu.

Wogulitsa: Tengani uyu, ndi wolimba ndithu, wabwera m'mawa uno kuchokera kudimba ku Santhe. Nanga anyezi simukufuna?

Wogula: Ndikufuna wa K500. Masamba awa dzina lake ndi chiyani?

Wogulitsa: Uwu ndi nkhwani, uwo ndi mpiru. Kamtolo kamodzi ndi K200.

Wogula: Pepani, amayi, sindinamve bwino. Lankhulani pang'onopang'ono, chifukwa ndikuphunzira kumene Chichewa.

Wogulitsa: Ndanena kuti kamtolo kamodzi ndi K200. Komatu Chichewa mukulankhula bwino!

Wogula: Zikomo kwambiri. Ndipatseni timitolo tiwiri ta nkhwani.

Wogulitsa: Nkhwani umakoma ukakhala wotendera, choncho musaiwale nsinjiro. Izi ndasinja ndekha dzulo, mtedza wake ndi wa kuno konkuno, ndipo kapu imodzi ndi K600.

Wogula: Chabwino, ikani kapu imodzi. Zonse pamodzi zikukwana ndalama zingati?

Wogulitsa: Tomato ndi K1,000, anyezi K500, nkhwani K400, nsinjiro K600. Zonse pamodzi ndi K2,500.

Wogula: Nanga basela, amayi?

Wogulitsa: Poti mwagula zambiri, ndakuwonjezerani tomato awiri ndi tsabola pang'ono.

Wogula: Mwandithandiza kwambiri. Ndili ndi K5,000, kodi chenje muli nacho?

Apa wogula apereke ndalama ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira mkono wamanjawo, ndipo wogulitsa amasule mfundo ya pakona ya chitenje chake n'kuwerenga ndalama mokweza.

Wogulitsa: Chilipo. Nayi K2,000, nayinso K500. Werengani bwino.

Wogula: Zakwana, zikomo. Kodi nsomba amagulitsa kuti?

Wogulitsa: Pitani kumapeto kwa mzere uno, kenako mukhotere kumanja.

Wogula: Zikomo, amayi, tsalani bwino.

Wogulitsa: Pitani bwino, mwananga, mudzabwerenso.

Gawo lachiwiri: kunenerera usipa

Pa tomato wa K500 sipakhala kunenerera kwenikweni, ndiye chifukwa chake wogula anangopempha basela. Pa nsomba, pamene ndalama yake ndi yokulirapo, kupempha kuti atsitse mtengo sikulakwa, malinga mawu akhale aulemu.

Wogula: Muli bwanji, abambo?

Wa nsomba: Ndili bwino, achimwene, kaya inu? Bwerani muone usipa wabwino wochokera ku Nkhotakota.

Wogula: Ndili bwino, zikomo. Mulu uwu ndi ndalama zingati?

Wa nsomba: Umenewo ndi K2,000.

Wogula: Wadula kwambiri, abambo. Kodi simungatsitseko pang'ono?

Wa nsomba: Inu muli ndi zingati?

Wogula: Ndingakwanitse K1,500.

Wa nsomba: Ayi, pamenepo sindingapeze phindu, chifukwa masiku ano kunyanja kuli mwera, asodzi sakupha zambiri, ndipo galimoto yochokera ku Nkhotakota ndailipira ndalama zambiri. Onjezerani pang'ono, mupereke K1,800.

Wogula: Chabwino, ndavomera. Kodi usipawu ulibe mchenga?

Wa nsomba: Ulibe, chifukwa anauyanika pathandala, osati pansi. Lawani kamodzi mumve nokha.

Wogula: Ndi wabwinodi. Nayi K2,000.

Wa nsomba: Zikomo, achimwene. Landirani K200 yanu, ndipo tsegulani chikwama ndikuikireni.

Wogula: Zikomo, abambo, mugulitse bwino.

Pobwereza seweroli, ophunzira asinthane malo, ndipo m'malo mwa tomato ndi usipa agule nyemba, mbatata ndi matemba. Wogulitsa asinthe mitengo osamuuza mnzake, ndipo ulendo wina apereke dala chenje choperewera ndi K100, kuti wogula azolowere kumvetsera manambala ndi kunena mwaulemu kuti, “Pepani, amayi, ndalamazi sizinakwane.”