Kalata Yofotokoza Kukula kwa Thanki Yatsopano ya Madzi a pa Tauni

Kupita kwa: Wapampando wa komiti yoyang'anira polojekiti ya madzi
Kuchokera kwa: Injiniya wa polojekiti
Tsiku: 18 Novembala 2024

Bwana Wapampando,

Pa msonkhano wathawu munafunsa chifukwa chake sitikumanga thanki yosunga madzi a tsiku lathunthu, monga mamembala ena anapemphera. Yankho langa ndi lakuti timange ya m³ 1,000, yogawidwa pawiri. Nayi njira imene ndafikira pa nambala imeneyi. Kumbukirani kuti m³ imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti madiramu asanu a malita 200.

Madzi ofunika pa tsiku

Malo amene mapaipi adzafike muli anthu 12,000. Tikamawonjezera 3 peresenti chaka ndi chaka, pofika 2039 adzakhala pafupifupi 18,700. Ndaika malita 60 pa munthu pa tsiku, pophatikiza amene ali ndi mpope m'nyumba, amene ali nawo panja, ndi otunga ku kiyosiki. Zikupereka m³ 1,122. Sekondale yogonera komweko, chipatala ndi msika zikutenga m³ 130. Madzi otayika m'mapaipi ndawaika pa 20 peresenti, ndiye tsiku wamba likufuna m³ 1,500. Koma thanki sitiiyesera tsiku wamba. M'mwezi wa Okutobala zitsime za kuseri kwa nyumba zimaphwa ndipo aliyense amabwerera ku mpope, choncho ndachulukitsa ndi 1.2. Tsiku lotentha kwambiri likufuna m³ 1,800, zomwe ndi m³ 75 pa ola.

Katungidwe ka madzi ola ndi ola

Anthu satunga m³ 75 ola lililonse, ndipo nkhani yonse ya thanki yagona pamenepa. Mwezi wathawu mapulamba athu anawerenga mita yaikulu ya pa thanki yakale ola lililonse kwa sabata imodzi. Tinasankha sabata imene madzi sanasiye kutuluka, chifukwa madzi akamabwera mosinthana anthu amadzaza madiramu pakati pa usiku ndipo manambala amanama. Zimene anapeza ndaziika pa m³ 1,800 motere:

| Nthawi | Gawo la tsiku | Otungidwa chiyambire pakati pa usiku | Opopedwa (m³ 75 pa ola) | Kusiyana |
|---|---|---|---|---|
| 00:00–04:00 | 4% | 72 | 300 | +228 |
| 04:00–06:00 | 8% | 216 | 450 | +234 |
| 06:00–09:00 | 24% | 648 | 675 | +27 |
| 09:00–12:00 | 15% | 918 | 900 | −18 |
| 12:00–14:00 | 11% | 1,116 | 1,050 | −66 |
| 14:00–16:00 | 8% | 1,260 | 1,200 | −60 |
| 16:00–19:00 | 19% | 1,602 | 1,425 | −177 |
| 19:00–22:00 | 8% | 1,746 | 1,650 | −96 |
| 22:00–24:00 | 3% | 1,800 | 1,800 | 0 |

Kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa tauni imamwa m³ 144 pa ola, pafupifupi kawiri zimene pampu ikutumiza. Ndiyo nthawi imene ana akusamba kuti apite kusukulu, phala lili pamoto, ndipo pa kiyosiki ya kumsika zigubu zandanda mpaka kumsewu wogulitsa madzi asanatsegule n'komwe. Madzulo zimabwerezanso, koma mocheperako. Thanki imalandira otsala usiku n'kuwabweza nthawi ziwirizi. Kukula kwake ndi mtunda wa pakati pa kusefukira kwakukulu ndi kuperewera kwakukulu mu ndime yomaliza ija:

```
V = 234 + 177 = 411 m³
```

Izi ndi pafupifupi 23 peresenti ya madzi a tsiku.

Maola opopa amasintha zonse

Nambala 411 ndi ya pampu yoyenda usana ndi usiku. Ndinayesanso njira zina ziwiri pa katungidwe komweko.

Tikamapopa maola 16, kuyambira 4 koloko m'bandakucha mpaka 8 koloko usiku, pa m³ 112.5 pa ola, kuperewera kwakukulu ndi 86 cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo kusefukira kwakukulu ndi 150 pozimitsa pampu. Zonse pamodzi ndi m³ 236 basi. Ena adabwa kuti kupopa maola ochepa kukufuna thanki yaing'ono, koma chifukwa chake n'chapafupi: pampu ikugwira ntchito anthu ali maso, n'kupuma iwo akagona.

Tikadalira sola yokha, monga a khansala anafunsira, nkhani itembenuka. Titenge maola 8 a dzuwa labwino, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, pa m³ 225 pa ola. Pampu isanayambe anthu amakhala atatunga kale m³ 504, ndipo ikamaima pamafunika m³ 540 zowafikitsa pakati pa usiku. Thanki ikuyenera kusenza m³ 1,044, tisanaganize za tsiku la mitambo. Pampu ndi paipi yokwera kuphiri nazo ziyenera kukula katatu poyerekeza ndi zopopa tsiku lonse. Sola ikhale yothandizira masana, koma isakhale msana wa dongosololi.

Ndatenga 411 osati 236. Ndandanda ya maola 16 imakoma papepala, koma imafuna kuti woyendetsa pampu asaphonye 4 koloko ndiponso magetsi akhalepo nthawi imeneyo. Komanso zitsime zimene timapopamo madzi a tauni zikayamba kutsika m'chilimwe tidzakakamizika kupopa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo thanki ya 236 idzatichepera.

Madzi a ngozi ndi a moto

Pamwamba pa 411 ndaonjezera m³ 450, omwe ndi madzi a maola 6 pa m³ 75. Ndi nthawi yokwana kusintha pampu kapena kulumikiza paipi yophulika, malinga zida zili m'sitolo. Magetsi akathima tsiku lonse madziwa sangakwane, ndipo mankhwala ake ndi jenereta ya kuzitsime, osati thanki yaikulu. Pa moto ndaika malita 15 pa sekondi kwa maola awiri, zomwe ndi m³ 108. Paganizidwe kwambiri za msika, kumene mabenchi ndi a matabwa ndipo ayandikana.

```
V = 411 + 450 + 108 = 969 m³
```

Ndakweza kufika pa m³ 1,000.

Bwanji osamanga ya m³ 1,800?

Ndalama ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu ndi ukhondo wa madzi. Zaka zoyambirira tauni izidzamwa pafupifupi m³ 1,000 pa tsiku wamba. Mu thanki ya 1,800 madzi azidzakhala pafupifupi masiku awiri osatha, ndipo kolorini amafooka madzi akagonera, makamaka kukatentha. Okhala kumapeto a mapaipi ndiwo angalandire madzi opanda chitetezo. Ndalama zotsalazo zikagwire ntchito yosintha mapaipi akale. Onani mzere woyamba wa tebulo: m³ 18 pa ola tauni ili mtulo. Gawo lalikulu la madzi amenewa likuthera m'nthaka.

Kamangidwe

Timange mathanki awiri ozungulira a konkire, iliyonse ya m³ 500, yotambalala mamita 12.6 m'kati, madzi akuya mamita 4. Tisiye masentimita 30 pamwamba pa madzi, ndi masentimita 20 pansi pa paipi yotulutsira kuti matope azikhazikika pamenepo. Malo awiriwa sali m'gulu la 500 ija. Kukhala awiri kudzatilola kutsuka imodzi ina ikupereka madzi. Paipi yolowetsa ndi yotulutsa zikhale mbali zosiyana kuti madzi aziyenda monse. Paipi yotsikira ku tauni iyesedwe pa m³ 144 pa ola, osati 75.

Ndikupempha komiti ivomereze m³ 1,000 pa msonkhano wa Disembala, kuti oyesa nthaka akwere kuphiri mvula isanawononge msewu, ndiponso isunge malo a thanki yachitatu pambali pa awiriwa.

Ine wanu pa ntchito,
Injiniya wa polojekiti