Kalata kwa Bwana pa za ntchito ya kosungira katundu

Limbe, Blantyre

Kwa Mkulu wa za Ndalama ndi Malonda

Bwana,

ZA PEMPHO LANU LOTI NDIZIYANG'ANIRANSO KOSUNGIRA KATUNDU

Ndikhulupirira muli bwino. Lachinayi lapitali, mutandiitana mu ofesi mwanu, ndinapempha kuti mundipatse masiku angapo ndiganize kaye. Zikomo kuti munandilola. Ndaganiza mofatsa kumapeto kwa sabataku, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuyankheni polemba kalata, chifukwa zokambirana pakamwa zimatha kukumbukika mosiyana pakapita miyezi.

Pempho lanu linali lakuti, popeza bambo amene ankayang'anira kosungira katundu anasiya ntchito, ine ndizisunga makiyi, ndizilandira malole obwera madzulo mpaka 7 koloko, komanso ndizibwera Loweruka lililonse kudzawerenga sitoko. Munanenanso mosabisa kuti pakadali pano kampani ilibe ndalama yoti iwonjezere pa malipiro anga. Ndayamikira kuti munandiuza zoona, ndiponso kuti mwa anthu onse munaganiza za ine. Makiyi a malo osungira simenti ndi malata sapatsidwa kwa munthu wamba, ndikudziwa zimenezo.

Komabe, Bwana, ndi ulemu wonse, ntchito imeneyi sinditha kuilandira m'mene mwaiikiramu.

Chifukwa choyamba ndi ntchito imene ndili nayo kale. Pa tebulo langa pamadutsa mainvoisi ndi malisiti onse a sitolo ziwiri, ya kuno ku Limbe ndi ya ku Ginnery Corner. Ndimakonza malipiro a antchito, ndimaonetsetsa kuti msonkho wa PAYE wafika ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi uliwonse, kenaka VAT pasanadutse pa 25, ndiye kumathero a mwezi kubwere kufananiza mabuku athu ndi zimene yalemba banki. Masiku amenewa sasuntha, ndipo tikachedwa chindapusa chimagwera kampani. M'zaka zinayi zimene ndakhala pa mpando umenewu sitinachedwepo, ndipo ndikufuna zipitirire choncho.

Mwina mukukumbukira kuti masabata atatu apitawa ndakhala ndikuthandiza kale kumeneko, poganiza kuti ndi zamasiku ochepa. Lachiwiri la sabata yatha lole ya simenti inafika itakwana hafu sikisi. Magetsi anali atathima, ndiye matumba 300 aja tinawawerenga ndi tochi ya pafoni, anyamata akutsitsa, ine nditaima pakhomo ndi kope m'manja. Ndinatseka cha m'ma 8 koloko. M'mawa mwake, ndili ndi tulo m'maso, ndinalemba invoisi imodzi kawiri m'buku la ogula pangongole. Mwamwayi ndinaiona ndekha masana ake isanapite kwa kasitomala. Koma mtima unandigunda kwambiri, chifukwa cholakwa chotere sindinachitepo, ndipo ndikudziwa kumene chinachokera.

Pali china chimene ndikupempha muchiganizire monga mkulu wa za ndalama. Munthu wolandira katundu ndi kusunga makiyi sayenera kukhala yemweyo wolemba katunduyo m'mabuku ndi kukonza zolipira amene atigulitsa. Matumba khumi atasowa, ndani angatsimikize kuti mabuku akunena zoona, pamene wowerenga ndi wolemba ndi mmodzi? Owerengera mabuku akadzabwera kumapeto a chaka adzafunsa funso lomweli. Kulekanitsa ntchito ziwirizi kumateteza kampani, kumatetezanso dzina langa.

Chachiwiri ndi maola. Mgwirizano umene ndinasayinira ukuti ndizigwira kuyambira hafu seveni m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Amenewa ndi maola 42 ndi theka pa sabata. Tikaonjezapo maola awiri madzulo aliwonse ndi maola 6 a Loweruka, akufika pa 58 ndi theka. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe ola limodzi ngati ola ndi theka, pamene ya tsiku lopuma kapena la holide ilipidwe kawiri. Sindikutchula lamuloli pofuna kuopseza wina ayi. Ndine amene ndimawerengetsa ovataimu ya anzanga mwezi ndi mwezi, ndiye sindingachite ngati sindikulidziwa ikafika nkhani ya ine mwini.

Ndikuuzeninso za kunyumba, ngakhale sindikonda kubweretsa zimenezi kuntchito. Ndimakhala ku Chilomoni. Kuchokera kuno ndimakwera minibasi ziwiri, ya mtauni kenaka ya kwathu. Ndikaweruka 5 koloko, ngakhale msewu wa Chipembere utathinana bwanji, ndimafika ana asanadye. Ndikatuluka 7 koloko yadutsa, minibasi zimakhala zachepa, mtengo amakweza, ndipo potsika ndimayenera kukwera kabaza mumdima. Ndalama imeneyo yakhala ikuchokera m'thumba langa. Mwana wanga wamkulu ali Sitandade 8, akukonzekera mayeso, ndipo madzulo ndi nthawi yokhayo imene ndimakhala naye pa masamu. Loweruka ndi tsiku limene ndimapita nawo mayi anga kokatenga mankhwala, ndipo palibe wina wondigwirira.

Tsono nazi zimene ndingathe, kuti musaone ngati ndakutayani pa nthawi yovuta. Loweruka limodzi la kumapeto a mwezi, limene ndimabwera kale kukakhala kotseka mabuku, nditha kukhalapo pa kuwerenga sitoko kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, malinga maolawo alembedwe ngati ovataimu monga timachitira nthawi zonse. Ndithanso kuphunzitsa munthu amene mungamusankhe kalembedwe ka makadi a sitoko ndi mapepala olandirira katundu, ola limodzi patsiku mkati mwa nthawi ya ntchito, kwa masabata awiri. Pakati pa anyamata a kosungira katundu alipo mmodzi amene anamaliza Fomu 4 ndipo amalemba bwino. Ndamuona m'masabata atatuwa, ndi wosamala. Mwinanso kungathandize kuwauza amene amatibweretsera katundu kuti lole izifika isanakwane 3 koloko, yofika mochedwa izitsitsidwa m'mawa mwake.

Zimene sinditha ndi izi: kusunga makiyi, kutsala ikakwana 5 koloko podikira lole, ndi kubwera Loweruka lililonse. Makiyi ndidzawabweza m'manja mwanu Lachisanu lino nthawi ya 4 koloko, ndipo ndikupempha kuti tisanapatsane tidzawerenge limodzi sitoko imene ilipo, tonse tisayinire, kuti wondilandira ayambe ndi chiwerengero chodziwika. Za maola a masabata atatu apitawa, ndawalemba papepala limene ndaphatikiza ndi kalatayi, alipo 41. Ndingakondwe mutandiuza ngati adzalipidwe kapena ndidzapatsidwe masiku opuma m'malo mwake.

Ngati akuluakulu a kampani akuona kuti ntchito ziwirizi ziphatikizidwe mpaka kalekale, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kukhalirana pansi pamodzi ndi a ofesi yoona za antchito: ziti zichoke pa tebulo langa, malipiro akhale otani, ndipo zonse zilembedwe mu mgwirizano watsopano. Kukambirana kotero sindingakane.

Ntchito yanga ndimaikonda, Bwana, ndipo inu mwandiphunzitsa zambiri chibwerereni pano. Ngati mungapeze mpata Lachitatu m'mawa, ndingabwere kuti tione limodzi amene adzalandire makiyiwa.

Ine wanu pantchito,

Kalaliki wa za ndalama