Ku Chinamwali kununkhira Loweruka

Lamulungu: kwatsala masiku 6

Anthu a ku Chinamwali, mwaiona nyumba ija akuipaka penti wachikasu m'mbali mwa msewu wa M3, mukangopitirira msika ngati mukulowera ku Liwonde? Ena akuti ndi saluni. Ena akuti ndi shopu ya mafoni. Achimwene ena a kabaza atiuza ndi mtima wonse kuti ndi tchalitchi chatsopano. Nonse mwaphonya. Lotaninso, ife tili phee.

Lolemba: kwatsala masiku 5

Lero mmawa m'nyumba yachikasu muja mwalowa matumba a ufa wa tirigu a makilogalamu 50, shuga, yisiti, mathileyi a mazira ndi mikoko iwiri ya nthochi. Amene mumati saluni, tatiuzani, tsitsi lake liti limafuna yisiti?

Lachiwiri: kwatsala masiku 4

Chabwino, taulula. Ndife omwe aja a masikono a ku Matawale, amene mumatigogodera pawindo lakukhitchini mamawa, ena muli ndi beseni, ena muli ndi jumbo, ena muli chimanjamanja koma ndi nkhani yokoma ya "ndipereka kumapeto kwa mwezi". Amayi adayamba ndi uvuni wa mgolo kuseri kwa nyumba, moto pansi moto pamwamba, ife ana ntchito yathu inali kupaka mafuta m'zitini ndi kuthamangitsa nkhuku. Maoda a maukwati ndi zinkhoswe atachuluka, khitchini ija idachepa, mpaka makeke tinkawaziziritsira pabalaza, alendo n'kumakhala pakhonde.

Tsopano tapeza malo athuathu. Muli kauntala, muli mashelefu agalasi, panja pali benchi yodikirirapo minibasi uku mukumwa tiyi. Windo lakukhitchini lipumeko.

Lachitatu: kwatsala masiku 3

Funso lomwe lachuluka ndi lakuti, kodi mukagula uvuni wamagetsi kukoma kuja sikuthawa? Uvuni wamagetsi tagula inde, ndipo buledi akutuluka wofanana mbali zonse. Koma kuseri tamanganso wa njerwa, wa nkhuni. Zifukwa zake n'ziwiri. Magetsi akathima pakati pa usiku mtanda utafufuma kale, sungauuze kuti udikire. Ukapitirira umawawasa, n'kugwa. Chachiwiri, chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri chimafuna moto weniweni kuti chikhale ndi khungu lija lokhuthala lomwe anthu amalimbirana. Amayi anenetsa kuti chigumu chawo sichilowa mu uvuni wa mabatani, ndipo pankhani imeneyi palibe wawatsutsa.

Lachinayi: kwatsala masiku 2

Pali chatsopano chomwe simunalawepo kwathu: buledi wa mbatata. Inde, mbatata ya kholowa, ija yofiira mkati. Timaiphika, kuipota mpaka isalale, n'kuisakaniza mumtanda m'malo mwa gawo lina la ufa wa tirigu. Buledi wake amatuluka wachikasu, wofewa, ndipo shuga timathira wochepa chifukwa mbatatayo ndi yotsekemera kale. Mbatata yofiira mkati ili ndi vitamini A, ndiye kwa ana opita kusukulu ndi kadzutsa wabwino. Komanso tinene zoona, tirigu wambiri amachokera kunja ndipo mtengo wake sukhazikika, pomwe mbatata tikugula kwa alimi a konkuno ku Zomba.

Tamuyesa kwa aneba sabata yonse. Agogo ena adati "ameneyu safuna majarini", n'kutenga wina wa mawa.

Lachisanu: mawa ndi tsikulo

Tikutsegula mawa Loweruka nthawi ya 6 koloko mmawa. Pa shelefu padzakhala buledi woyera, wabulauni ndi wa mbatata, masikono, mabanzi, ma Obama akuluakulu aja, mandasi, zitumbuwa ndi chigumu. Makeke a tsiku lobadwa ndi a ukwati ndi a oda, mutiuze kukadali masiku atatu.

Anthu 30 oyambirira kugula alandira sikono yaulere ndi kapu ya tiyi wa mkaka. Aliyense wolowa alawa kachidutswa ka buledi wa mbatata, kugula kapena osagula. Kulipira ndi ndalama pamanja, Airtel Money kapena Mpamba. Amene mumaoda zambiri zokagulitsa m'maokala, bwerani ndi madengu anu kuyambira Lolemba, mawa tikufuna aliyense apezeko.

A ngongole a pawindo aja, kope lija tasamuka nalo.

Loweruka: 4 koloko mbandakucha

Moto wayaka, mtanda wafufuma, thileyi yoyamba ya masikono yalowa. Amayi avala epuloni yatsopano ndipo akukana kujambulidwa. Chitseko titsegula 6 koloko ndendende. Chigumu taphika zitini zisanu ndi chimodzi zokha, ndiye okonda kugona musadzatidandaule.