Dandaulo pa khofi wa oda nambala 2417 ndi pempho loti mundibwezere K104,000

Katoto, Mzuzu
16 Juni 2025

Kwa a Manijala,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lilongwe. Ine ndine kasitomala wanu uja wa ku Mzuzu amene ndakhala ndikulemba pa WhatsApp kuyambira Lachiwiri lapitali. Ndaona kuti mauthenga a pafoni sakutifikitsa kulikonse, nʼchifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe kalata, nkhani yonse ikhale pamalo amodzi ndipo ifike kwa inu eni ake.

Pa 3 Juni ndinaoda khofi wokwana makilogalamu 3 patsamba lanu, wa K32,000 pa kilogalamu. Mapaketi awiri ndinasankha a njere zosagaya, pamene palembedwa `Whole beans`, ndipo paketi yachitatu ndinasankha yogaya mokhakhala, pamene palembedwa `Coarse`. Ndinalipira tsiku lomwelo pa Airtel Money, K96,000 ya khofi ndi K8,000 yotumizira, zonse pamodzi K104,000. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinafika kwa inu ndikadali nawo. Munalonjeza kuti katundu afika pasanathe masiku 3, koma anafika pa 9 Juni. Za kuchedwako sindikudandaula kwenikweni, msewu wa M1 tonse timaudziwa. Chimene chandilembetsa ndi zimene ndinapeza mʼkatoni.

Ndiyambe ndi paketi yogaya ija, poti ndi imene inandichititsa manyazi pamaso pa anthu.

Ndili ndi kanyumba kogona alendo ka zipinda 6, ndipo mmawa uliwonse timaikira mlendo aliyense pulanja yake patebulo. Makina a esipuleso tilibe, sitinakhalepo nawo. Pulanja imafuna khofi wogaya mokhakhala ngati misere, chifukwa amakhala mʼmadzi otentha kwa mphindi 4, ndipo sefa yake ndi ya waya, imangogwira zikuluzikulu. Chimene munanditumizira ndi ufa. Ndinautapa ndi zala nʼkuufikisa, unali wosalala ngati ufa woyera wosefasefa, mpaka kumamatira mʼzikhadabo. Kunja kwa paketi kwalembedwa bwinobwino kuti `Coarse`, ndiye mtsikana amene amandithandiza kukhitchini sanakayike. Lachiwiri mmawa anayeza monga mwa masiku onse, magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, nʼkupititsa kumatebulo.

Tsiku limenelo tinali ndi alendo asanu obwera ku msonkhano. Bambo wina wachikulire anati akanikize pulanja, inakana kutsika. Ufa uja unali utatseka timabowo tonse ta sefa. Anawonjezera mphamvu, khofi wotentha nʼkuthuvuka pamlomo pa pulanja, kuwathira pamalaya oyera ndi pamapepala amene ankawerenga. Mwayi wake sanapse kwambiri. Ena amene anakwanitsa kuthira anamwa kamodzi nʼkukankhira makapu kumbali. Nditalawa ndekha ndinamva kuwawa ngati kwa mankhwala a malungo, ndipo pansi pa kapu panali matope okhaokha. Khofi wosalala chonchi amatulutsa zonse mwamsanga, zabwino ndi zowawa zomwe, ndiye mukamusiya mphindi 4 mʼmadzi palibenso chomwa. Malaya aja ndinachapa ndekha, ndipo bambowo sindinawalipiritse chakudya cha mmawa.

Pamenepo ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, ndili ndi makilogalamu 2 a njere, ndigaya ndekha ndi kachigayo kanga kamanja. Nditatenga paketi yoyamba ndinaifinya pangʼono pafupi ndi mphuno, monga ndimachitira nthawi zonse. Kavavu kaja kamene kamakhala pamapaketi a khofi ntchito yake ndi kutulutsa mpweya umene njere zongokazinga kumene zimatulutsa, osalola wakunja kulowa, ndipo paketi yatsopano imakhala yotupa pangʼono, ukaifinya fungo limakumenya. Yanuyi inali yafwaa, fungo ngakhale pangʼono. Nditatsegula ndinamva kafungo ka katoni yonyowa, kosakanikira ndi ka mtedza wogonera chaka mʼthumba. Ndinagaya pangʼono nʼkuthira madzi otentha. Khofi watsopano amafufuma, amachita thovu pamwamba ngati thobwa losasa. Uyu anangoti zii, madzi nʼkumulowa ngati akulowa mumchenga. Mʼkamwa anali wosukuluka, ndipo kumapeto kwake kunkatsala kukoma kwa mafuta owonongeka.

Ndinatsegulanso paketi yachiwiri poganiza kuti mwina yoyambayo inabooka panjira. Zinali chimodzimodzi.

Chimene chinandipweteka mtima koposa ndinachiona madzulo ake. Kuno mwezi uno kukuzizira ndipo chinyezi nʼchambiri, mapaketi aja anali pafupi ndi ketulo, ndiye kapepala komata kamene munalembapo tsiku lokazinga kanayamba kumatuka pakona. Kapamwambako kakuti 28 Meyi 2025. Nditakasenda bwinobwino ndinapeza kena pansi pake, kolembedwa 14 Novembala 2024. Mapaketi onse awiri ali chomwecho. Ndiye kuti pamene khofiyu ankafika mʼmanja mwanga anali atatsala pangʼono kukwanitsa miyezi 7 chikazingireni. Patsamba lanu, pansi penipeni pa chithunzi cha khofiyu, munalemba kuti mumakazinga sabata iliyonse ndipo simutumiza khofi wopitirira masiku 14. Mawu amenewo ndi amene anandikopa, apo ayi sindikanataya K8,000 yotumizira. Kulakwitsa kagayidwe ndingamvetse, wina anaiwala kusintha chigayo atagayira kasitomala wa esipuleso, zimachitika. Koma kumata tsiku latsopano pamwamba pa lakale si ngozi. Pali munthu amene anakhala pansi nʼkuchita zimenezo ndi manja ake.

Mwina mudabwa kuti munthu wa ku Mzuzu akuodanji khofi ku Lilongwe. Inenso ndadzifunsa sabata yonseyi. Paketi yanu ikunena kuti khofiyu ndi Geisha wa kumapiri a Misuku, ku Chitipa. Ndiye kuti anachoka kumpoto konkuno, kudutsa pakhomo panga, kukwera Chikangawa, kukagona mʼnyumba yanu yosungira katundu miyezi yonseyo, nʼkubwereranso njira yomweyo atafa kale. Ine ndinakulira ku Rumphi, kumunsi kwa mapiri a Phoka, ndipo malume anga ankalima khofi. Ndikudziwa mmene anthu amavutikira kuthyola zipatso zofiira zokhazokha, imodziimodzi, mʼnyengo yozizira ngati ino, nʼkuzisenza pamutu kutsika nazo mʼzitunda. Khofi wa kuno amanunkhira, alendo anga ambiri amamufunsa ndi dzina asanakhale nʼkomwe pansi. Ndinabwera kwa inu chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti mumakazinga mopepuka, osapsereza, ndipo ndinafuna kuti alendo alaweko zosiyana. Ndadziwa tsopano.

Ndinene pangʼono za mmene nkhaniyi yayendera pa WhatsApp. Pa 10 Juni ndinatumiza zithunzi, mnyamata amene amayankha mauthenga anati andiimbira. Sanaimbe. Pa 11 Juni anandiyankha kuti mwina madzi anga sanali otentha mokwanira. Ndakhala ndikuphikira alendo khofi zaka 9, ndipo madzi ozizira sasandutsa misere kukhala ufa. Pa 12 Juni anati khofi sawola, ndipo tsiku lomaliza kugwiritsa ntchito silinakwane. Zoona, munthu sangadwale naye, koma ine sindinagule chinthu choti chisandidwalitse. Ndinagula khofi wokazinga mʼmasiku 14 monga munalonjezera. Pomaliza, pa 13 Juni, anati simubweza ndalama pa katundu wotsegula, koma mungandichotsere 10 peresenti pa oda yotsatira. A Manijala, kodi munthu angadziwe bwanji kuti khofi ndi wosukuluka kapena wagayidwa molakwika asanatsegule paketi? Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, anali waulemu ndithu, ndipo zikuoneka kuti akungonena zimene anauzidwa. Nʼchifukwa chake ndikulembera inu.

Pempho langa ndi loti mundibwezere K104,000 yonse, kuphatikizapo yotumizira, pa nambala yomwe ija ya Airtel Money imene ndinalipirira, pasanafike Lolemba pa 23 Juni 2025. Kuchotserako mtengo sindikukufuna, ndipo chonde musanditumizire khofi wina mʼmalo mwake. Lachiwiri lomwelo ndinathamangira mʼtauni kukagula wina kuti alendo asagone ndi madandaulo, ndiye pakadali pano khofi ndili naye. Ndalama ya chakudya chimene sindinalipiritse ndi ya sopo wochapira malaya sindikuiwerengera, imeneyo ndaluza ndine.

Katundu wanu alipo. Ndayeza pasikelo ya kukhitchini: paketi yogaya yatsala magalamu 870, ya njere yoyamba 960, yachiwiri 980. Ndazimanga bwino nʼkuziika mʼchidebe chotseka, ndipo timapepala tomata tija ndatisiya mmene tinalili, kakale pansi, katsopano kali lendee pambali. Ngati mukuzifuna tumizani munthu adzatenge, kapena mundiuze kampani yonyamula katundu imene ndikasiyeko, koma mtengo wobwezera ukhale wanu. Kalatayi ndaiphatikiza ndi zithunzi 5: za timapepala tiwiri tija pa paketi iliyonse, cha ufa uli pachikhatho pambali pa khofi wogaya bwino, cha uthenga wa malipiro, ndi cha tsamba lanu pamene pali lonjezo la masiku 14. Chomalizachi ndinajambula pa 10 Juni, ndiye ngakhale mawuwo atasinthidwa mawa, ine ndili nawo.

Sindinalembe chilichonse pa Facebook, ndipo mʼgulu lathu la eni malo ogona alendo kuno ku Mzuzu sindinatchulemo dzina lanu, ngakhale awiri andifunsa kale kuti khofi wa ku Lilongwe uja wakhala bwanji. Ndafuna kuti muyambe mwamva inu nʼkukonza. Koma tsiku ndatchulalo likadutsa ndalama isanalowe, ndikadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula, ndipo nkhani ya masiku omatidwa pamwamba pa anzake ndikaipereka ku Malawi Bureau of Standards. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira 2003, ndipo kunamiza wogula za katundu ndi zina mwa zimene limaletsa. Sindikufuna kuti tifike kumeneko. Ndili ndi zipinda zoti ndikonze, si mafomu oti ndidzaze.

Ndikupemphaninso kuti musuzumire mashelefu anu musanatumize oda ina. Ngati mapaketi anga awiri anali chonchi, sindikhulupirira kuti analipo awiri okha.

Mundiyankhe polemba, pa imelo yomwe ino, kuti ndikhale ndi umboni wa zimene tagwirizana. Foni yokha ayi.

Ine kasitomala wanu,
Mwini nyumba yogona alendo ku Katoto, Mzuzu
Oda nambala 2417