Yankho la banja la a Mbewe kwa ankhoswe a banja la a Phiri

Okondedwa a Phiri,

Tikupatsani moni inu ndi onse kumeneko. Kuno tili bwino, kupatula agogo ake a Tadala omwe mwendo ukuwavutabe.

Mawu amene munabwera nawo, oti mwana wanu Madalitso waona mbeta pakhomo pathu, tinawalandira ndi manja awiri. Pepani kuti yankho lachedwa. Ine ndine malume chabe, sindikanayankha ndekha alongo anga ndi alamu anga asanamve. Tinakhala pansi Lamulungu lapitali, ndipo Tadala tinamuitana patokha, makolo ake atatuluka panja, n'kumufunsa katatu ngati mnyamatayu akumudziwa ndi kumufunadi. Anayang'ana pansi, akukanda mphasa ndi chala, koma katatu konseko anavomera momveka. Choncho ifenso tavomera. Khomo ndi lotsegula.

Tsono za malowolo. Chiwerengero sitilemba m'kalata muno, chifukwa nkhani yotere imafuna kuonana maso ndi maso, wina akanena mnzake n'kuyankha. Chomwe tinganeneretu n'chakuti mwana wathu sitikugulitsa. Ena mwa abale anati tiwerengere ndalama zonse zomwe zinapita kusukulu kwake. Ine ndinakana, ndipo bambo ake anagwirizana nane. Tinamuphunzitsa chifukwa ndi mwana wathu, osati kuti tidzabweze pa mkamwini. Tidzatchula zoti Madalitso angakwanitse osalowa m'ngongole, pakuti ngongoleyo adzavutika nayo ndi Tadala yemweyo. Mukadzapereka gawo loyamba, lotsalalo tidzapangana nthawi yake, ndipo zonse zidzalembedwa, mbali iliyonse isunge pepala lake.

Pali pempho limodzi lomwe mayi ake alimbikira kuti ndilembe: Tadala watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize maphunziro a unamwino. Ukwati usadzamuimitse. Pamenepa tikufuna kudzamva kuchokera pakamwa pa Madalitso mwiniwake.

Tikukupemphani kuti mubwere Loweruka pa 14 Juni, 9 koloko m'mawa, kunyumba kwa alamu anga. Musadzaze galimoto ayi, chikondwerero chili m'tsogolo. Anthu anayi kapena asanu akwana, koma pakhale azakhali ake a Madalitso, ndi wamkulu wodziwa bwino mbiri ya banja lanu kuti titsimikizane kuti palibe ubale pakati pathu. Tikadzamvana pa malowolo, tsiku lomwelo tidzasankha tsiku la chinkhoswe, kenako anawo akalembetse kutchalitchi.

Kufikira tsikulo, Madalitso akafuna kudzacheza adzere kwa ine, ndipo uthenga uliwonse uziyenda pakati pa ife ankhoswe. Ngati tsikuli silikukomerani, ndidziwitseni lisanathe sabata lino kuti ndiuze abale ochokera kutali asanagule matikiti a basi.

Ine mnzanu pa unkhoswe,
Mbewe, malume ake a Tadala