Mlingo Woyenera wa Shuga m'Magazi kwa Munthu Wamkulu Amene Sanadye

Kwa munthu wamkulu wathanzi amene wakhala maola osachepera 8 osadya kanthu, shuga wa m'magazi amayenera kukhala pakati pa mamilimolo 3.9 ndi 5.5 pa lita imodzi, zomwe zikufanana ndi mamiligalamu 70 mpaka 99 pa desilita imodzi. Papepala la zotsatira kapena pa kamakina koyezera, muyeso woyambawo umalembedwa kuti mmol/L ndipo wachiwiriwo umalembedwa kuti mg/dL. Musanasangalale kapena kuchita mantha ndi nambala imene mwapatsidwa, yambani mwaona zilembo zimene zili pambali pake, pakuti nambala yopanda muyeso wake ikhoza kukusocheretsani.

Miyeso iwiriyi imayeza chinthu chimodzi, kungoti mayiko ena monga United States anazolowera mg/dL pamene ena monga Britain amagwiritsa ntchito mmol/L. Kuti muchoke pa mmol/L kupita pa mg/dL, chulukitsani nambalayo ndi 18, ndipo pobwerera gawani ndi 18 yemweyo. Taganizirani za mayi amene m'mawa wadzibaya pachala n'kuona 95 pa kamakina kamene anatumiziridwa kuchokera kunja, kenako tsiku lomwelo walandira pepala la kuchipatala lolembedwa 5.3. Mayiyu angaganize kuti pena palakwika kwambiri, chonsecho 95 kugawa ndi 18 ndi pafupifupi 5.3, ndipo zotsatira zonse ziwirizi zikunena kuti shuga wake ali bwinobwino. Choopsa chenicheni chili pa kusokoneza miyesoyi: 20 pa mmol/L ndi shuga wokwera zedi, pamene 20 pa mg/dL ndi shuga wotsikitsitsa woti munthu akhoza kukomoka.

Nambala ikafika 7.0 mmol/L, kapena kuti 126 mg/dL, kupita m'mwamba, achipatala amaganizira matenda a shuga, ngakhale kuti kwa munthu amene alibe zizindikiro zoonekeratu amafuna kuyezanso tsiku lina asanatsimikize. Pakati pa mlingo wabwino ndi mlingo wa matendawu pali mpata umene akatswiri sanagwirizane za poyambira pake. Bungwe la ku America loona za matenda a shuga, kuyambira mu 2003, limati shuga wa 5.6 mpaka 6.9 mmol/L, womwe ndi 100 mpaka 125 mg/dL, ndi chenjezo lakuti matendawa akhoza kubwera. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limayambira chenjezoli pa 6.1 mmol/L, kapena 110 mg/dL. N'chifukwa chake munthu amene wapezeka ndi 5.8 akhoza kuuzidwa kwina kuti ali bwino, kwina n'kuuzidwa kuti asamale. Ife tikuona kuti munthu wotereyu asade nkhawa, komanso asanyozere, makamaka ngati ali wonenepa kwambiri, ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kapena ngati kholo kapena m'bale wake anadwalapo shuga. Ndi bwino akambirane ndi dokotala za nthawi yodzayezetsanso.

Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, munthu amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa ndiponso chizungulire, ndipo pansi pa 3.0 mmol/L, yomwe ndi 54 mg/dL, pamafunika thandizo lamsanga. Izi zimachitikira kwambiri amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala ena otsitsa shuga.

Kusadya kumene tikunenaku n'kofunika kukumvetsa, chifukwa manambala onsewa amadalira pamenepo. Munthu akagona usiku osadya, chiwindi chimatulutsa shuga pang'onopang'ono kuti ubongo ndi ziwalo zina zisasowe mphamvu, ndipo insulini wochokera ku kapamba ndi amene amaletsa kuti shugayo asachuluke. Kuyeza m'mawa musanadye kumaonetsa ngati ziwalo ziwirizi zikugwirizana bwino popanda chakudya kusokoneza. Madzi wamba mukhoza kumwa, koma chakumwa chilichonse chotsekemera kapena chothira mkaka, ngakhale kapu imodzi yokha, chimachititsa kuti zotsatirazo zisakhalenso za munthu wosadya. Ngati mwaiwala n'kulawa kanthu, muuzeni amene akukuyezaniyo mosabisa. Mumuuzenso ngati mukudwala, kapena ngati mukumwa mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la masiteroidi, chifukwa zonsezi zikhoza kukweza shuga kwa kanthawi.

Mukamadziyeza nokha, sambani m'manja n'kuumitsa bwino, pakuti timadzi ta chipatso totsalira pachala tikhoza kukweza nambala monyenga. Kamakina ka pachala kamathandiza poyang'anira shuga tsiku ndi tsiku, koma kutsimikiza matenda kumadalira magazi otengedwa mumtsempha n'kuyezedwa ku labotale.

Manambala amenewa sakukhudza amayi oyembekezera, omwe malire awo ndi otsikirapo, moti 5.1 mmol/L kapena 92 mg/dL asanadye imakwanira kuti apezeke ndi shuga wa pa nthawi ya pakati. Nawonso amene anapezeka kale ndi matenda a shuga atsatire mlingo umene dokotala wawo anawaikira.