Woyambitsa kampani: Mayi Tisungane Phiri

Mayi Phiri atha zaka 9 akugula nshawa ndi soya kwa alimi a ku Katete ndi Petauke. Anayamba ndi sikelo imodzi, pano ali ndi madepoti 4 ndi alimi 600 olembetsa.

Chimene ogula amawakhulupirira nacho n'kupewa chuku. Nshawa zosauma bwino zimachita chuku, fakitale n'kubweza lole yonse. Mayi Phiri amayeza chinyezi pa thumba lililonse. Likapitirira 8 peresenti salilandira, ngakhale mwini wake akhale mfumu. Matumba amasanjikidwa pa mapaleti, osakhudza simenti.

Mu 2023 anapereka matani 320 ku Lusaka, palibe lole inabwezedwa. Ngongole ya K400,000 imene anatenga anaibweza isanakwane nthawi. Alimi amalipidwa pa foni tsiku lomwelo.